Timawu Tochepa pa Mutu Uliwonse: Kumuyendetsa Woyamba Kumene mu Things Fall Apart

Buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart, lomwe linatuluka mu 1958, lili ndi mitu 25 m'magawo atatu. Chingerezi chake si chovuta kwenikweni. Chomwe chimasokoneza wowerenga watsopano ndi gawo loyamba, mitu 13 ija, pomwe nkhani imayenda mozungulira: apa kulimbana, apa ukwati, apa mlandu, ndipo maina a Chiigbo monga Ekwefi, Ezinma ndi Ezeudu amamveka ngati amodzi. Ambiri amalitaya bukulo pomwepa.

Womuthandiza, kaya ndi mphunzitsi kaya kholo, alembe timawu tochepa pa mutu uliwonse, tosapitirira mizere isanu, ndipo atigawe pawiri. Mbali yoyamba aiwerenge asanalowe m'mutuwo. Imeneyi ingomuuza anthu amene akumane nawo ndi mwambo umodzi womwe ungamupunthwitse. Yachiwiri aione atamaliza. Inene chimene chasintha, kenako imufunse funso limodzi.

Titenge mutu 7. Asanawerenge, mlembereni kuti Ikemefuna ndi mnyamata uja anaperekedwa ndi a ku Mbaino monga dipo m'mutu 2, ndipo wakhala pakhomo pa Okonkwo zaka zitatu. Onjezani kuti Ezeudu ndi mkulu wolemekezeka ku Umuofia, komanso kuti chimene woombeza wa m'mapiri walamula, mudzi sukana. Lekezani pomwepo. Musamuuze kuti mnyamatayo aphedwa. Ulendo wa m'nkhalango uja, Ikemefuna atasenza mtsuko wa mowa pamutu akuganiza kuti akupita kwawo, umagwira mtima pamene wowerenga akungokayikira, monga momwe mnyamatayo akuyambira kukayikira.

Akamaliza, timawu tinene mosabisa: Okonkwo wamutema ndi chikwanje mnyamata amene ankamutcha bambo, ngakhale Ezeudu anamuletsa kutengako mbali. Funso likhale lakuti, kodi Nwoye wasintha bwanji bambo ake atabwerako? Funso limeneli ndi lofunika chifukwa patsogolo Nwoye adzatsatira amishoni, ndipo amene sanauone mng'alu wa m'mutu 7 adzadabwa nazo. Inu mukudziwa kale zimenezo, koma musazilembe msanga.

Vuto lomwe ndimaliona kawirikawiri ndi timawu tofotokoza nkhani yonse. Wowerenga amakhuta nato, buku n'kulisiya. Kuti mudziwe ngati zatero, mufunseni kanthu kakang'ono kamene simunalembe, monga tizilombo tomwe tinagwa m'mudzi uthenga wa Ezeudu usanafike. Amene wawerengadi ayankha msanga kuti dzombe, ndipo akuuzani kuti anthu anakondwera nalo chifukwa ndi ndiwo. Akasowa chonena, fupikitsani timawu tanu.

Pofika mutu 14, Okonkwo ali ku Mbanta kwawo kwa amayi ake, nkhani imawongoka ndipo maina azoloweka. Kuyambira pamenepo mupatseni cholembera, azilemba yekha, inu muzingofunsa funso lija.