Kuphunzira Chiswahili M'mwezi Umodzi Wokonzekera Ulendo wa ku Tanzania

Chiswahili ndicho chiyankhulo cha pamsika, cha m'basi ndi cha m'maofesi ambiri ku Tanzania. Wamalonda wochokera ku Malawi amakumana nacho akangowoloka mlatho wa Songwe n'kufika pa Kasumulu, ndipo amayenda nacho kudutsa Mbeya mpaka ku Kariakoo, dera la masitolo ndi misika mu mzinda wa Dar es Salaam kumene ambiri amakapikula zitenje, nsapato, ziwiya ndi mafoni. Wochokera ku Zambia amachipeza pa Tunduma, kutsidya kwa Nakonde. Chingerezi chimamveka ku banki ndi m'mahotela akuluakulu, koma wogulitsa m'sitolo, wonyamula katundu ndi kondakitala amagwira ntchito yawo m'Chiswahili. Mwezi umodzi sungamupangitse munthu kukhala katswiri. Ndi wokwanira kuti athe kupereka moni, kumva mtengo popanda womasulira, ndi kupangana tsiku ndi nthawi mosaphonya, ndipo zimenezi n'zimene zimateteza ndalama zake.

Wolankhula Chichewa amayamba ali ndi mwayi, chifukwa ziyankhulo ziwirizi n'zapachibale. Moto, nyama, nyumba ndi usiku ndi mawu omwewo mbali zonse. Madzi ndi maji, mvula ndi mvua, njira ndi njia, ndipo kuphika ndi kupika. Mneni amamangidwanso mofanana, kuyamba ndi wochita, kenako nthawi, kenako tsinde. Koma chibalechi chili ndi misampha yake, ndipo yambiri imagwera pa nkhani ya ndalama. Kuuza m'Chiswahili ndi kugulitsa. Kupita ndi kudutsa, pamene kupita kwathu kuja amati kwenda. Ndondomeko yabwino ya mwezi woyamba imathera nthawi yochuluka pa malo amene khutu la Chichewa limanamizidwa, osati pa mawu amene munthu angawazindikire yekha.

Nthawi yofunika ndi mphindi 45 kapena ola limodzi tsiku lililonse, yogawidwa pawiri: m'mawa kuphunzira zatsopano, madzulo kubwereza mokweza mawu. Mawu 10 pa tsiku amakwana pafupifupi 300 pakutha pa mwezi, ndipo ngati asankhidwa bwino ndi okwanira pamsika. Kope laling'ono lolowa m'thumba limathandiza kuposa buku lalikulu la galamala. Chinanso chosafunika kuchizengereza ndi kupeza munthu woyankhula naye. Ku Karonga oyankhula Chiswahili ndi ambiri, ku Mzuzu amapezeka pa msika wa Taifa, ndipo madalaivala a mathiraki ndi mabasi opita ku Dar es Salaam amachidziwa bwino.

Sabata yoyamba ndi ya moni ndi manambala. Ku Tanzania munthu sayamba ndi kufunsa mtengo. Kwa wamkulu amati shikamoo, ndipo wamkuluyo amayankha kuti marahaba. Kwa mnzake wa msinkhu umodzi amati habari za asubuhi kapena habari za kazi, yankho lake n'kukhala nzuri kapena salama. Mambo ndi yankho lake poa ndi moni wa achinyamata, wosayenera kupatsa mkulu wa pa chipata. Popempha chinthu, naomba amamveka mwaulemu kuposa nipe kapena nataka. Mlendo wochokera kwathu ayeneranso kudziwiratu kuti Chiswahili chimagwiritsa ntchito wewe kwa munthu mmodzi aliyense, ngakhale wamkulu, ndipo si chipongwe monga mmene "iwe" angamvekere kuno. Ulemu amausonyeza ndi mawu monga mzee, mama, baba, dada ndi kaka.

Manambala ndiwo ntchito yaikulu ya sabata imeneyi, ndipo amafunika masiku 5 mwa masiku 7. Kuno mitengo imatchulidwa m'Chingerezi, choncho munthu sanazolowere kumva ndalama zambiri m'chiyankhulo cha Chibantu. Kuyambira 1 mpaka 5 n'zosavuta: moja, mbili, tatu, nne, tano. Zovuta zimayamba pa sita, saba, nane, tisa, kenako kumi. Makumi ake anachokera ku Chiarabu ndipo alibe chibale ndi Chichewa: ishirini, thelathini, arobaini, hamsini, sitini, sabini, themanini, tisini. Awiriawiri amene amasokoneza kwambiri ndi thelathini, 30, ndi themanini, 80, komanso sitini, 60, ndi tisini, 90. Pa mawu awiri oyambawo th satchulidwa monga mu "thumba". Nsonga ya lilime imakhala pakati pa mano. Kenako pali mia, 100, elfu, 1,000, ndi laki, 100,000. Liwu lakuti laki limamveka tsiku lonse ku Kariakoo, ndipo laki mbili na nusu ndi 250,000. Pamsika amatinso buku kutanthauza 1,000 ndi jero kutanthauza 500.

Kuloweza manambala motsatizana sikuthandiza kwenikweni, chifukwa wogulitsa sawatchula motsatizana. Njira yogwira ntchito ndi yakuti wina atchule mtengo mwachisawawa, wophunzirayo aulembe, kenako asinthane. Wopanda mnzake angathe kujambula mawu ake pa foni akutchula mitengo 20, n'kuimvera mawa lake akulemba. Akafika polemba 18 molondola mwa 20 popanda kuimitsa foni, ndiye kuti wakhwima.

Sabata yachiwiri ndi ya malonda enieni ndi nthawi za mneni. Ziganizo zofunika n'zochepa: bei gani kapena shilingi ngapi pofunsa mtengo, ni ghali mno podandaula kuti zadula, punguza kidogo popempha kuti atsitseko, ndi naomba risiti popempha lisiti. Bei ya jumla ndi mtengo wopikulira, rejareja ndi wogulitsa chimodzichimodzi. Mzigo ndi katundu, mitumba ndi kaunjika. Dalali, amene ku Kariakoo amatchedwanso winga, ndi munthu wapakati amene amatsogolera wogula ku sitolo n'kuikapo yake pa mtengo. Alipo othandizadi, koma wogula amene samva manambala sangadziwe kusiyana kwa mtengo wa mwini sitolo ndi umene akuuzidwa.

Pa nthawi za mneni pali msampha waukulu kuposa yonse. M'Chichewa kachidutswa ka -na- kamasonyeza zakale, monga mu "ndinalipira". M'Chiswahili -na- ndi zimene zikuchitika tsopano: ninalipa ndi "ndikulipira". Zakale ndi nililipa, "ndalipira" ndi nimelipa, ndipo zam'tsogolo ndi nitalipa. Wotumiza katundu akanena pa foni kuti mzigo unakuja, Mmalawi amamva ngati katundu anabwera kale, pamene akuuzidwa kuti akadali m'njira. Katundu amene wafika ndi mzigo umefika, ndipo amene sanafike ndi haujafika. Tizidutswa tinayi timeneti, -na-, -li-, -me- ndi -ta-, tiyenera kuyesedwa tsiku lililonse pa aneni ochepa a pamsika: kulipa, kununua, kuuza, kutuma, kupokea, kufika, kuleta. Galamala yotsalayo ingadikire.

Mmene zonsezi zimagwirira ntchito zingaoneke pa chitsanzo cha mayi wopikula zitenje, ndi mitengo yongoyerekeza. Atapereka moni akufunsa bei ya jumla ya zitenje 40, ndipo akuuzidwa kuti elfu kumi na nane chimodzi, kutanthauza 18,000. Akuwerengetsa n'kupeza 720,000, imene wogulitsa aitchula kuti laki saba na elfu ishirini, kapena mofupikitsa laki saba na ishirini. Akupempha kuti punguza kidogo, ndipo akugwirizana pa elfu kumi na sita na mia tano, 16,500. Zonse pamodzi tsopano ndi laki sita na sitini, 660,000. Akanamva tisini m'malo mwa sitini akanapereka 690,000, ndipo 30,000 ikanapita popanda womubera aliyense. Poti ndalama yapepala yaikulu ku Tanzania ndi ya 10,000, mayiyu awerenga mapepala 66, ntchito yosavuta kuphonya m'sitolo yodzaza anthu. N'chifukwa chake chiganizo chakuti naomba uniandikie, kupempha kuti amulembere, n'chofunika ngakhale kwa amene manambala akuwadziwa. Mtengo womaliza uoneke papepala kapena pa foni ndalama zisanatuluke.

Sabata yachitatu ndi ya nthawi, masiku ndi ulendo. Chiswahili chimayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, choncho saa moja asubuhi ndi 7 koloko m'mawa, saa tatu ndi 9 koloko, ndipo saa sita mchana ndi 12 koloko masana. Lamulo lake ndi kuwonjezera kapena kuchotsa maola 6. Pamwamba pa izi, nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi ndi Zambia. Masiku nawo amawerengedwa kuyambira Loweruka, limene ndi Jumamosi. Motero Jumatatu, ngakhale akumveka ngati Lachitatu, ndi Lolemba. Jumanne ndi Lachiwiri, ndipo Jumatano ndi Lachitatu. Munthu akauzidwa kuti basi inyamuka Jumatano saa kumi na mbili asubuhi, ndiye kuti ndi Lachitatu 6 koloko m'mawa, imene pa wotchi yosasinthidwa ya ku Malawi ndi 5 koloko. Womvera ndi khutu la Chichewa angafike Lachisanu masana, basi itapita kalekale. Mawu ena a sabata imeneyi ndi ochepa: mpaka ndi malire a dziko, uhamiaji ndi ofesi yoona zolowa ndi kutuluka, forodha ndi kasitomu, ushuru ndi msonkho, ndipo nauli ndi ndalama yolipira basi.

Sabata yachinayi mawu atsopano achepe, khutu ligwire ntchito. Nkhani za pa wailesi, monga za BBC ndi DW m'Chiswahili, zimawerengedwa momveka bwino, ndipo cholinga si kumva zonse koma kutola manambala, masiku ndi nthawi. Mnzake woyankhula naye uja akhale wogulitsa, ayankhule mwachangu, asinthe mtengo pakati pa nkhani, ndipo masiku ena achite zimenezi pa foni, pamene palibe manja kapena nkhope zothandiza. Ino ndiyonso nthawi yowongola l ndi r, zimene Chichewa sichizisiyanitsa koma Chiswahili chimazisiyanitsa: mahali ndi malo pamene mahari ndi malowolo, kalamu ndi cholembera pamene karamu ndi phwando. Ziganizo zitatu zopulumukira zikhale pakamwa nthawi zonse: sielewi, "sindikumva", sema polepole, "yankhulani pang'onopang'ono", ndi rudia tena, "bwerezaninso".

Chiswahili cha mwezi umodzi chili ndi malire ake. Sichikwanira powerenga mgwirizano wa ntchito kapena wa lendi, ndipo munthu asasainire pepala limene wangomva mawu ake ochepa. Apemphe la Chingerezi kapena apeze womasulira amene sadyapo pa malondawo. Wopita kukagwira ntchito afunika kibali cha kazi, chilolezo cha boma, ndipo wofuna kuchita malonda m'dzikomo, osati kungopikula, ayambe wafunsa ku maofesi a boma chifukwa malamulo okhudza alendo amasintha. Wogwira ntchito aonjezerenso mawu a ntchito yakeyo pamodzi ndi mshahara, mkataba ndi likizo, kutanthauza malipiro, mgwirizano ndi tchuthi. Amene akupitirira ku Kenya kapena ku Lubumbashi adzapeza Chiswahili chosakanikirana ndi Chingerezi kapena Chifalansa, koma cha ku Tanzania chimene waphunzira chidzamveka konseko.