Musanakweze bandulo ya intaneti, yezani kaye rauta

Vidiyo ikayamba kuimaima, kapena mawu akamadukaduka mukuyankhula ndi m'bale wa ku Joni, ambiri amaganiza zogula bandulo yothamanga kwambiri. Komatu intaneti ya pakhomo imayenda maulendo awiri. Woyamba ndi wochokera ku kampani kufika pa rauta, wachiwiri ndi wochokera pa rauta kufika pa foni kapena laputopu yanu. Ndalama ya bandulo imakonza ulendo woyamba wokha. Ngati vuto lili m'nyumba momwemo, mudzakhala mukulipira zambiri mwezi ndi mwezi popanda chosintha.

Chofunika ndi kuyeza katatu. Tsegulani fast.com kapena speedtest.net, ndipo mudzaona nambala ya liwiro yolembedwa mu Mbps. Uzani kaye ena onse kuti achoke pa intaneti. Poyamba lumikizani laputopu ku rauta ndi kebulo, muzimitse waifai ya laputopuyo, n'kuyeza. Kenako chotsani kebulo muyeze ndi waifai mutaima pafupi ndi rauta. Pomaliza kayezereni m'chipinda momwe intaneti imavuta. Chitani zimenezi m'mawa, mubwerezenso madzulo cha m'ma 8 koloko pamene anthu ambiri amakhala pa netiweki.

Tiyerekeze banja lomwe limalipira 20 Mbps. Pa kebulo lapeza 19, pafupi ndi rauta 18, koma kuchipinda chogona 3 yokha. Apa kampani ilibe mlandu, chifukwa zomwe inalonjeza zikufika pakhomo. Liwiro likuthera m'makoma a njerwa. Banjali litagula 50 Mbps, kuchipindako kudzakhalabe pafupifupi 3 yomweyo.

Ngakhale zili choncho, lisathamangire kusitolo. Rauta zambiri zimaikidwa pansi, kuseri kwa wailesi yakanema kapena m'kabati. Kuikweza pamwamba, poonekera, chapakati pa nyumba, nthawi zina kumathetsa vutolo osataya ngakhale tambala. Onaninso ngati rauta ikuonetsa mayina awiri a waifai, lina la 2.4 GHz lina la 5 GHz. La 5 GHz limathamanga koma sililowa bwino m'makoma. La 2.4 GHz limafika patali, kungoti limasokonezeka ndi rauta za anansi, makamaka m'madera momwe nyumba ndi zothithikana.

Nanga rauta yoyenera kusinthidwa imadziwika bwanji? Werengani kapepala kapansi pake kapena bokosi lomwe inabweramo. Ngati palembedwa 802.11n basi, ndi ya luso la mu 2009, ndipo zambiri zotere zotsika mtengo zili ndi 2.4 GHz yokha. Zolembedwa 802.11ac kapena Wi-Fi 6 ndi zatsopano poyerekeza ndi zimenezi, ndipo zimapirira mafoni ambiri nthawi imodzi. Yang'ananinso mabowo olowetsamo kebulo. Ngati ndi a 10/100, sangadutsitse liwiro loposa 100 Mbps, ndiye bandulo ya 200 Mbps pa rauta yotere ndi kutaya theka la zomwe mwalipira. Rauta yotentha kwambiri, yofuna kuizimitsa n'kuiyatsanso tsiku ndi tsiku, nayonso yatopa.

Tibwerere ku banja lija, koma manambala asinthe. Kebulo ikupereka 19, kuchipinda 16, koma madzulo aliyense akakhala pa foni yake zonse zimakwawa. Apa rauta ili bwino, chikuchepa ndi bandulo. Vidiyo imodzi yooneka bwino ya HD imafuna pafupifupi 5 Mbps, kotero anthu asanu akamaonera nthawi imodzi afunika 25, pamene nyumbayo ili ndi 20. Imeneyi ndiye nthawi yokweza bandulo.

Palinso njira yachitatu. Ngati kebulo yomwe ikupereka 6 pamene mumalipira 20, musagule chilichonse. Jambulani zotsatirazo masiku angapo mukaonetse ku kampani, ndipo funsani ngati bandulo yanu imachepetsedwa liwiro mukadutsa mlingo wina wa magigabaiti. Kukweza bandulo pa chingwe chomwe chikulephera kupereka 20 n'kulipira liwiro lomwe simudzaliona.

Eni rauta zolowa simukhadi ali ndi chinthu china choti aone. Kwa iwo ulendo woyamba uja umadutsa mumlengalenga kuchokera pa nsanja ya netiweki, choncho yesani kuika rauta pawindo loyang'ana komwe kuli nsanjayo. Liwiro likamakhala labwino m'mawa n'kugwa madzulo aliwonse, nsanjayo yadzaza anthu. Rauta yatsopano siingachotse khamulo. Bwerekani foni ya simukhadi ya kampani ina muyezere pamalo omwewo, nthawi yomweyo, musanasankhe kopita ndi ndalama zanu.