Dothi la katondo limanamiza wopupuluma

Alangizi a zaulimi akafuna kudziwa ngati munda uli wamchenga kapena wadongo, nthawi zambiri sadikira zotsatira zakulabotale. Amatapa dothi, kulinyowetsa, n'kulifinya ndi zala. Njirayi njakale, koma ndondomeko imene ambiri amatsata lero inalembedwa ndi Steve Thien wa ku America mu 1979.

Dothi lofunika ndi lochepa, magalamu pafupifupi 25, lodzadza pakati pa chikhatho. Muchotse timiyala ndi timizu, kenako muzidonthezera madzi pang'onopang'ono uku mukukanda mpaka lifewe ngati nsima yolimba. Likamamatirira zala zonse ndiye kuti madzi achuluka, onjezerani louma. Mukatero umbani kampira. Kakakana kuumbika, umenewo ndi mchenga, ntchito yathera pomwepo.

Kampira kakagwirana, kaikeni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, muzikankha ndi chachikulucho kuti dothi lizituluka lophwatalala ngati liboni. Musalichirikize, lisiyeni lilendewere mpaka lithyoke lokha. Utali umene lathyokera ndiwo yankho. Liboni losafika masentimita 2.5 likusonyeza kuti dongo ndi lochepa. Lapakati pa 2.5 ndi 5 ndi dothi losakanikira koma ladongo ndithu, ndipo lopitirira 5, utali wa bokosi la machesi, ndi dongo lenileni. Makande akudambo amapitirira pamenepa mosavuta. Pomaliza, tsinani pang'ono, nyowetsani kwambiri pachikhatho n'kutikita: kukhakhala ndi mchenga, kuterera ndi dothi lija limatsalira madzi osefukira akaphwa.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa katondo, dothi lofiira lofala m'chigwa cha Lilongwe. Dzimbiri lachitsulo limene limalifiiritsa limamatanso dongo lake kukhala timibulu tolimba, ndiye likangonyowa kumene limakhakhala ngati mchenga. Wokanda mwachidule aona liboni likuthyoka msanga, n'kunena kuti munda ngwamchenga. Koma dothi lomwelo mukalikanda kwa mphindi zingapo, timibulu tija timasweka, kukhakhala kumachepa, zala zimayamba kumata, ndipo liboni limatalika. Mchenga weniweni sutero, ngakhale muukande tsiku lonse.

Kulakwitsa kumeneku kumadya m'thumba. Pamchenga madzi sakhalitsa, ndipo mvula yamphamvu imatsitsa feteleza wa yureya kupitirira mizu ya chimanga, n'chifukwa chake kumeneko ndi bwino kumuthira mogawa. Wa dimba lamchenga naye amathirira pafupipafupi koma madzi ochepa. Mlimi wa pakatondo akatsata zimenezi akhoza kungodzichulukitsira ntchito ndi aganyu.

Musayese dothi lapamwamba lokha. Manyowa ambiri amalichititsa kumveka lofewa ndipo amafupikitsa liboni, komanso m'minda yambiri dongo limachuluka mukamapita pansi. Kumbani ndi khasu masentimita 40, muyesenso lakumeneko, ndipo pachulu muzipayesa padera.