Akalaliki owerenga ngongole pa chithunzi

Pa ofesi ina ya gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Limbe pali mayi amene sakhulupirira nambala iliyonse asanaiwerengere yekha. Mamembala amamutumizira zithunzi za ndandanda wobwezera ngongole pa WhatsApp, zina zopendekeka, zina za pepala lomwe lagona m'chikwama mpaka kufufutika mopindamo. Ntchito yake ndi kusamutsira manambalawo mu Excel, mwezi uliwonse mzere wake.

Mitu ya pa pepala ndi inayi: `Instalment`, zopereka pamwezi, `Principal`, gawo lodula ngongole yeniyeniyo, `Interest`, chiwongoladzanja, ndi `Balance`, zotsala. Kutayipa sikuvuta. Mutu umazungulira nambala ikafufutika.

Mayi aja anandionetsa ngongole ya K300,000 yobweza miyezi 6, chiwongoladzanja 5 peresenti pamwezi pa ndalama zotsala. Zopereka ndi K59,105 mwezi uliwonse. Mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K15,000, ndiye zodula ngongole ndi K44,105. Pa zotsala, chithunzi chimaoneka ngati K255,395.

"Taonani achimwene, 8 ndi 3 ndi pachibale chithunzi chikakhala cha usiku," anatero. "Ine sindifinya maso. Ndimachotsera." Pa K300,000 kuchotsa K44,105 kumatsala K255,895. Sanalekere pomwepo, anatsikira mzere wachiwiri pomwe chiwongoladzanja chinkawerengeka bwino, K12,795. Magawo 5 pa 100 a K255,895 ndi omwewo, pamene nambala inayo ikanapereka K12,770. Mzere wapansi unachitira umboni wapamwamba.

Mnyamata wogwira naye ntchito amadandaula za china. Foni ikapendekeka, mizere imatsetsereka, ndipo diso limatola chiwongoladzanja cha mwezi wachitatu n'kuchiika pa wachiwiri. "Mukaphatikiza chiwongoladzanja ndi zodula ngongole zisakwane zopereka pamwezi, dziwani kuti mwalumpha mzere," akutero. Pa mzere womaliza samavutika ndi kusiyana kwa kwacha imodzi kapena ziwiri, chifukwa ndi matambala ozunguliridwa, bola zotsala zithere pa 0.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chimene akalalikiwa amaona koma sanalembedwe ntchito yochinena. Pa mapepala ena chiwongoladzanja sichitsika, chimangokhala K15,000 mwezi ndi mwezi, chifukwa obwereketsa akuwerengera pa K300,000 yoyamba ija ngati kuti munthu sanabwezeko kalikonse. Zopereka zimakhala K65,000, ndipo pakutha pa miyezi 6 chiwongoladzanja chafika K90,000, pamene pa njira ina ija chimakhala pafupifupi K54,630. Pa njira zonse ziwirizi obwereka amauzidwa kuti ndi 5 peresenti.

Bambo wina wogulitsa kaunjika anabwera ndi pepala lotere lochokera kwa obwereketsa ena. "Mayi, kodi alakwitsa kulemba?" anafunsa.

"Ayi bambo, masamu ake ndi olondola ndithu," anayankha mayiwo, "koma mukadzabwerekanso, muyambe mwaona ngati mzere wa chiwongoladzanjawu ukutsika musanasaine."