Chidole Chikhoza Kutsamwitsa Mwana

Mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa, koma kholingo lake n'laling'ono ngati kachala kake, ndipo satha kutsokomola mwamphamvu kuti alavule chomwe chamutsamwitsa. Nchifukwa chake musanakulunge mphatso, tengani kachikatoni ka pakati pa pepala la kuchimbudzi. Kanthu kalikonse kolowa m'bowo lake sikoyenera mwanayo: mabo, mkanda, ndalama yachitsulo, chitsekerero cha botolo.

Vuto limabisala m'chidole chachikulu chooneka chabwinobwino. Tinene kuti mwagula kachimbalangondo kansalu pa kaunjika. Kokani maso ake ndi mphuno mwamphamvu. Zikagwedera, mwana adzazizula ndi mano tsiku lomwelo. Kokaninso m'misoko, chifukwa tina mwa zidolezi amathiramo timikanda tapulasitiki. Maso osokedwa ndi ulusi ndiwo abwino.

Ngati chidolecho chimaimba, onani pamene pamakhala batire. Chitseko chake chikhale chomangidwa ndi sikuluu. Batire laling'ono lozungulira ngati batani likakakamira kummero limawotcha mnofu m'maola awiri okha.

Mabaluni asiyeni kusitolo. Chidutswa cha baluni yophulika chimamatirira pakholingo n'kutseka mpweya wonse, ndipo kuchichotsa n'kovuta kwambiri.