Muzu Umadziwa Bwanji Kumene Kuli Pansi?

Pobzala chimanga palibe amene amagwada kuti aone ngati njere yagwa chagada, chafufumimba kapena chammbali. Timangoponya m'phando, kukwirira ndi phazi, n'kupita patsogolo. Koma sabata ikatha mvula itagwa bwino, munda wonse umakhala utamera mofanana: mphukira zatulukira kumwamba, mizu yaloza pansi. M'nthaka muja muli mdima, ndipo njere ilibe maso ngakhale ubongo. Nanga imadziwa bwanji njira?

Akatswiri a zomera amatcha khalidweli kuti tiropizimu, kutanthauza kukula kwa chomera mopindikira kumene kukuchokera chinthu china, kapena mochithawa. Muzu umatsata mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, pamene mphukira imaithawa mphamvuyo n'kumalondola kuwala. Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti chomera sichipinda thupi lake lomwe lakula kale. Chimapindika pokula. Mbali imodzi ya muzu kapena tsinde ikatalika msanga kuposa inzake, chiwalocho chimakhotera ku mbali imene yatsalira. Ndiye funso lenileni ndi lakuti: n'chiyani chimauza mbali imodzi kuti ifulumire, ina ichedwe?

Amene anayamba kutsimikiza kuti muzu umamvadi kukoka kwa dziko anali Thomas Andrew Knight wa ku England, m'chaka cha 1806. Iye anamangirira mbewu zomera kumene m'mbali mwa gudumu loyendetsedwa ndi madzi, lozungulira mothamanga. Pagudumu lotere chinthu chimakankhidwira kunja, ndipo mizu yonse inakula moloza kunja kwa gudumulo, mphukira n'kuloza pakati. Mbewu zija zinatenga kukankha kwa gudumu ngati kukoka kwa dziko. Apa zinaoneka kuti chowongolera muzu sichinali chinyezi cha dothi kapena mdima wake.

Tsopano tiyang'ane kunsonga kwa muzu wa chimanga umene wangotuluka m'njere. Kumapeto kwenikweni kuli kachisoti koterera, kosakwana ndi milimita imodzi yomwe, kamene kamateteza muzu pamene ukuboola dothi. Pakati pa kachisotiko pali maselo okhala ndi timibulu todzaza sitalichi, chakudya chomwe chija chimene chimadzaza ufa. Timibuluti n'tolemera kuposa madzi a m'selo, choncho timamira n'kukhazikika pansi pa selo, monga mmene mchenga umakhalira pansi pa ndowa ya madzi a kumtsinje. Mukaugoneka chammbali muzu uja, m'mphindi zochepa timibulu timasamukira kukhoma limene tsopano lakhala pansi. Akatswiri awiri, Gottlieb Haberlandt ndi Bohumil Němec, aliyense payekha, ananena m'chaka cha 1900 kuti umu ndi mmene chomera chimadziwira pansi. Zofufuza za pambuyo pake zinawavomereza, ngakhale nkhani siithera pomwepo: zomera zimene sizipanga sitalichi zimapezabe pansi, koma mochedwa ndiponso mosokerasokera.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri pankhaniyi n'chakuti pamene muzu umamvera si pamene umapindikira. Kachisoti kamamva, koma sikakhota. Kukhota kumachitika mamilimita angapo kumbuyo kwake, pachigawo chimene maselo atsopano akutalika. Pakati pa malo awiriwa payenera kudutsa uthenga, ndipo wonyamula uthengawo ndi mankhwala amene chomera chimapanga chokha, otchedwa okisini. Okisini amatsika kuchokera kumtunda kudzera m'kati mwenimweni mwa muzu, akafika pakachisoti amabwerera m'mbuyo kudzera m'mphepete. Muzu ukaima chilili, mbali zonse zimalandira mofanana ndipo umakula mowongoka. Ukagona chammbali, timibulu tija tikasamuka, kachisoti kamatumiza okisini wambiri ku mbali yapansi. Maselo a muzu safuna okisini wochuluka: akachuluka, amachedwa kutalika. Motero mbali yapansi imatsalira, yapamwamba imapitirira, ndipo nsonga imaweramira pansi mpaka timibulu titabwerera pamalo pake.

Mutsinde zinthu zimatembenuka. Namonso okisini amasonkhana ku mbali yapansi, koma maselo a tsinde amatalika msanga akalandira okisini wambiri, choncho mbali yapansi ndi imene imapitirira ndipo tsinde limadzukira kumwamba. Alimi amaziona izi chimanga chikagwetsedwa ndi mphepo chisanamasule. Pakapita masiku ochepa mutu umadzuka, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza kuti phesi lakhotera pamfundo, pamene pali minofu yomwe ingathe kukulabe. Chimanga chimene chakhwima kale sichidzuka kwenikweni, chifukwa kukula kunatha.

Za kuwala anazifufuza Charles Darwin ndi mwana wake Francis, n'kuzilemba m'buku limene linatuluka mu 1880. Iwo anagwiritsa ntchito mbande za udzu wina umene njere zake amadyetsa mbalame zoweta. Mbewu za mtundu wa udzu, monga chimanga, mapira ndi mpunga, zimatuluka m'dothi zili m'kachimake kosongoka kamene kamabisa tsamba loyamba. Atavundikira nsonga ya kachimake ndi kachipewa kosalola kuwala, mbande sinapindike. Atavundikira m'munsi n'kusiya nsonga poyera, inapindika. Mu 1926 Frits Went wa ku Netherlands anadula nsonga zotere, n'kuziika pa tizidutswa ta jeli kuti timwe madzi ake. Kachidutswa kameneka atakaika pambali imodzi ya mbande yodulidwa mutu, mbandeyo inapindika ili mumdima. Lero tikudziwa kuti kuwala kwabuluu ndi kumene chomera chimamva kwambiri pankhaniyi, ndipo kukachokera mbali imodzi okisini amasamukira ku mbali ya mthunzi. Mbali imeneyo imatalika msanga n'kukankhira mutu kumene kuli kuwala.

Zonsezi kalasi ingathe kuziona ndi maso popanda chipinda cha sayansi. Pafunika njere za chimanga pafupifupi 20 zosafumbwa, mabotolo apulasitiki oonekera m'kati odulidwa kukamwa, nyuzipepala, lezala watsopano, lula ndi cholembera cha inki yosasungunuka m'madzi. Chimanga cha m'nkhokwe chimene sichinathiridwe mankhwala n'chabwino kwa ana kuposa mbewu yopakidwa utoto ya m'sitolo.

Viikani njere usiku umodzi. M'mawa pindani nyuzipepala, muinyowetse, muikanikizire m'botolo mpaka itagwira khoma. Lowetsani njere zinayi pakati pa pepala ndi khoma, mbali ya mtima wa njere itayang'ana kunja kuti muziona zonse. Muzu umatulukira kunsonga yosongoka, imene inali yolumikizana ndi chitsononkho, choncho njere yoyamba iloze nsongayo pansi, yachiwiri kumwamba, yachitatu kumanja, yachinayi kumanzere. Ikani botolo m'katoni kapena m'kabati. Nyengo yotentha, pakatha masiku atatu kapena anayi mizu imakhala itatalika masentimita awiri kapena atatu. Njere yozondoka ija ndiyo yoti ana aijambule: muzu wake umatuluka moloza kumwamba, kenako n'kukhota ngati mbedza kubwerera pansi.

Gawo lachiwiri ndi limene limaphunzitsa zambiri, ndipo m'pofunika kulichita mosathamanga. Sankhani mbande zisanu ndi imodzi za mizu yowongoka. Muzu uliwonse muupukute pang'ono, muulembe timadontho ta inki motalikirana mamilimita awiri kuyambira kunsonga mpaka mamilimita 10. Mizu itatu muisiye momwemo. Itatu inayo mphunzitsi aidule kachisoti kokha, kosapitirira milimita imodzi. Kenako muibwezere m'mabotolo itagona chammbali, ndipo mulembe mzere pabotolo wosonyeza pamene nsonga iliyonse yalekezera. Mizu yosadulidwa imayamba kuwerama pakangopita maola ochepa, ndipo tsiku lotsatira imakhala italoza pansi. Yodulidwa imapitirira kukula chammbali, kudutsa mzere uja osakhota. Tsopano yang'anani timadontho: takutali ndi nsonga sitinasunthe, koma tina tapafupi ndi nsonga tatalikirana kwambiri, ndipo pomwepo m'pamene pali gondo. Mwana akaona zimenezi ndi lula m'manja safunikanso kuloweza kuti kupindika ndi kukula.

Mzere wapabotolo uja usaiwalidwe, chifukwa ndi umene umateteza kalasi ku yankho labodza. Lezala akalowa kwambiri, mamilimita atatu kapena kuposa, amachotsa pamene maselo atsopano amabadwira, ndipo muzu umangoima. Muzu wotere sukhota, inde, koma chifukwa chakuti sukukula, osati chifukwa chakuti wasowa chomvera. Umboni weniweni ndi muzu umene watalika koma osawerama. Zotsatira ziwerengedwe mawa lake, popeza pakapita masiku angapo muzu umamera kachisoti kena n'kuyambanso kupeza pansi. Madzi akachuluka mpaka kudikha m'botolo, njere zimachita nkhungu ndi kununkha chifukwa chosowa mpweya. Pepala likauma, nsonga za mizu zimafota n'kuda. Pepala likhale lonyowa koma losadontha. Palinso mitundu ina ya chimanga imene mizu yake, ikakhala mumdima wokhawokha, imatsika mopendekera m'malo moloza pansi penipeni. Mukaona zimenezi, tsegulani katoni kwa mphindi zingapo tsiku lililonse kuti mizu ione kuwala, kapena bwerezani ndi nyemba.

Kuyesa za kuwala n'kwachidule. Bzalani chimanga m'tizitini titatu, muzisunge mumdima mpaka timachimake titatuluka sentimita imodzi kapena awiri. Za m'chitini choyamba muzisiye. Za m'chachiwiri muziveke tizipewa topepuka ta pepala lonyezimira la aluminiyamu, tophimba mamilimita anayi kapena asanu a kunsonga. Za m'chachitatu muzikulunge pepala lomwelo m'munsi, nsonga ili poyera. Ikani zonse m'katoni yoboola bowo limodzi pambali, loyang'ana pazenera koma osati padzuwa lenileni, kuopa kuti m'kati mungatenthe. Mukayamba m'mawa, poweruka mbande za m'chitini choyamba ndi chachitatu zimakhala zitaweramira kubowo, pamene zovala zipewa zimaima chilili kapena kupendekera pang'ono chabe. Chimene chimalepheretsa kawirikawiri ndi kuchedwa: tsamba loyamba likangoboola kachimake, kachimakeko kamasiya kukula ndipo chipewa sichisonyezanso kanthu. Choncho bzalani Lachinayi kapena Lachisanu, muone Lolemba m'mawa, ndipo musunge chitini china chobzalidwa tsiku limodzi pambuyo pake kuti chilowe m'malo ngati zoyambazo zapitirira msinkhu.