Kalata ya kochi yomwe ili mʼchikwama cha mwana wanu

Teremu yoyamba ikangoyamba mu Sepitembala, ana ambiri asukulu amabwera kunyumba ndi kapepala kopindapinda kochokera kwa mphunzitsi wa zamasewero. Pamwamba pamakhala palembedwa kuti “Okondedwa makolo,” kenako nkhani nʼkukhala yakuti mwana wawo wasankhidwa kulowa mʼtimu ya ntchemberembaye. Makolo ambiri amathamangira kumunsi kwa kalatayo kukaona ngati pali ndalama zoti apereke, ndipo akapeza mawu akuti nsapato amapumira mʼmwamba. Ndime zapakati, zomwe zimafotokoza malamulo a masewerowa, amazidumpha poganiza kuti zimenezo nʼza mwana ndi kochi wake.

Komatu ndime zimenezo ndi zomwe zimamasulira chilichonse chimene kochi akupempha. Nsapato, kuwenga zikhadabo, kuvula ndolo, zonsezi zimachokera mʼmalamulo. Kholo lomwe lamvetsa malamulo atatu kapena anayi okha limadziwa pomwe liike ndalama zake zochepazo, ndi pomwe lingadikire kaye.

Kochi wodziwa ntchito amayamba kalata yake ndi lamulo limene limasiyanitsa ntchemberembaye ndi masewero ena ambiri a mpira: munthu amene wagwira mpira sathamanga nawo, ndiponso saunjanjitsa pansi nʼkumayenda. Ayenera kuuponya kwa mnzake kapena mʼgolo masekondi atatu asanathe. Masekondi atatu ndi ochepa kwambiri kwa mwana wa zaka 10 yemwe kutsogolo kwake kwaima mnzake atatambasula manja.

Pamwamba pa lamuloli pali la mapazi, ndipo apa ndi pomwe wezulo amalira kwambiri chaka choyamba. Tiyerekeze kuti mtsikana wadumpha, wawakha mpira ali mʼmalere, nʼkutera ndi phazi lamanzere. Phazi limenelo ndiye lake loterera. Lamanja akhoza kulisuntha kangapo konse mmene angafunire, kutsogolo, kumbali kapena kumbuyo, uku akuzungulira pa lamanzere lija pofunafuna woti amuponyere. Akhozanso kulinyamula lamanzerelo, koma mpira uyenera kuchoka mʼmanja mwake lisanagundenso pansi. Akalikhwekhwereza, akadumphira pa phazi lomwelo, kapena akaliponda kachiwiri mpira udakali mʼmanja, woyimbira amapereka mpirawo kwa timu inayo pamalo pomwepo. Akatera ndi mapazi onse awiri nthawi imodzi, amasankha yekha loti likhale loterera.

Mwana amene akuphunzira lamuloli amaoneka msanga. Amawakha mpira bwinobwino, kenako thupi limamupitirira, nʼkuponda kawiri katatu asanaime. Kochi amatha masabata oyambirira akuphunzitsa ana kutera atapinda maondo, mapazi atatalikirana pangʼono, bondo litalunjika kumene kwaloza zala zakuphazi osati kugwera mʼkati. Kholo likhoza kuthandiza pakhomo popanda kugula kanthu: kuponyera mwana mpira, ngakhale wachikulunga, iye nʼkudumpha, kutera, nʼkutchula mokweza phazi lomwe layamba kugunda pansi. Mwawi Kumwenda, yemwe adasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mu 2015 ku Sydney, adayambira pa mpira wamapepala apulasitiki kwawo ku Mzimba.

Tsopano nkhani ya nsapato ikumveka. Wosewera ntchemberembaye amathamanga mtunda waufupi, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka, kudumpha ndi kutera, ndipo amachita zimenezi kambirimbiri mʼmasewero amodzi. Mphamvu yonseyo imathera mʼakakolo ndi mʼmaondo, ndipo nʼchifukwa chake kubinya kakolo ndi kuvulala bondo ndiwo mavuto odziwika kwambiri pamasewerowa, ngakhale kwa akatswiri. Mwawi yemweyo adaduka mtsempha wamʼbondo mu 2018 akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia.

Choncho kochi akalemba kuti mwana abwere ndi nsapato zazingwe, sakufuna zokongola kapena zodula ayi. Nsapato yapakaunjika imagwira ntchito bwino lomwe, bola poigula kholo liyangʼane zinthu zingapo. Litembenuze nsapatoyo nʼkuona kupansi: mizere ya labala ikhale ikuonekabe, chifukwa yosalala imatereretsa mwana pasimenti yafumbi. Lifinye kuchidendene ndi zala ziwiri. Kukangophwafuka, nsapatoyo siyigwira phazi mwana akamatembenuka. Liyipotokole ngati likufinya chovala chochapa, ndipo yabwino imakana. Nsapato zokhuthala kwambiri kupansi, zomwe zinapangidwira othamanga mtunda wautali, zimakweza phazi mʼmwamba ndipo kakolo sachedwa kupindikira kumbali. Zosewerera mpira wamiyendo zija za mano kupansi nʼzoopsa pasimenti, komanso zimapweteka anzake akapondana.

Pali chizolowezi china chomwe makolo ambiri ali nacho, chogulira mwana nsapato yaikulu kuti akule nayo. Pa nsapato yakutchalitchi palibe vuto. Pabwalo la ntchemberembaye, phazi limaseseleka mʼkati mwa nsapato nthawi iliyonse mwana akaima, zala zimagunda kutsogolo, matuza amatuluka, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chimada. Mpata wokwana chala chachikulu chakumanja pakati pa zala zakuphazi ndi nsonga ya nsapato ndi wokwanira, ndipo mwana ayese nsapatoyo atavala sokosi zomwe azisewera nazo. Kumabwalo adothi ana ambiri amasewerabe opanda nsapato, ndipo kochi woganiza sabweza mwana chifukwa cha umphawi. Amangodziwitsa makolo kuti tsiku lomwe timu idzapite kukasewera pasimenti yotentha ya mu Okutobala, mapazi osavala sadzapirira, ndipo mapatapata ndiye sayeneranso kuganiziridwa nʼkomwe.

Gawo lachiwiri la kalata limakhala la zilembo. Timu imakhala ndi osewera asanu ndi awiri, ndipo aliyense amavala bibu, kansalu kokhala ndi zilembo kutsogolo ndi kumsana. Bwalo, lomwe ndi lalitali mamita 30.5 ndipo mʼlifupi ndi mamita 15.25, linagawidwa patatu, ndipo kumapeto konse kuli kachigawo kozungulira golo. Zilembo zija zimauza woyimbira komwe mwana aliyense akuloledwa kuponda. GS ndi GA okha ndi amene amamwetsa zigoli, ndipo amatero ali mʼkati mwa kachigawo kozungulira kaja. GK ndi GD ndiwo amawatchinga mʼmenemo. C, yemwe ana amangomuti senta, amayenda bwalo lonse kupatula mʼtizigawo tiwiri ta golo. WA ndi WD amasewera mʼchigawo chapakati ndi chimodzi chakumapeto, naonso osalowa mozungulira golo. Wopondera kumene zilembo zake sizimulola amakhala ofusayidi, kaya ali ndi mpira kaya alibe.

Apa mpamene makolo ena amakhumudwa. Bambo amabwera kudzaonerera masewero oyamba, mwana wawo wavala WA, ndipo mpaka masewero kutha sanaponyeko mʼgolo ngakhale kamodzi. Amayamba kukuwa ali kunja kuti alowe akagoletse, mwana nʼkusokonezeka, kulowadi, wezulo nʼkulira. Chikhala adawerenga kalata ija, akadadziwa kuti ntchito ya WA ndi kulandira mpira wochokera kwa senta ndi kuupereka kwa omwetsa zigoli ataima mʼmphepete mwa mzere, ndipo mwanayo amaichita bwino. Ma Queens atagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pamasewero a Commonwealth a mu 2018, mpira uliwonse womwe udalowa mʼgolo udadutsa kaye mʼmanja mwa osewera omwe malamulo sawalola kugoletsa. Makochi ambiri a ana amasinthasintha mabibu mʼchaka choyamba kuti aliyense alawe malo angapo, chifukwa mwana wamfupi lero akhoza kudzakhala wamtali kuposa onse pakatha zaka zitatu. Mabibuwo, pamodzi ndi mpira, nʼza timu. Kholo lisavutike kuzigula. Ana aangʼono amasewera ndi mpira wa saizi 4, akuluakulu wa saizi 5, ndipo golo la akuluakulu limatalika mamita 3.05 pomwe la ana nthawi zambiri amalitsitsako.

Kenako pamabwera ndime yomwe atsikana ena saikonda. Pa ntchemberembaye saloleza kukankhana, kukokana kapena kuphumitsa mpira mʼmanja mwa mnzako. Wofuna kutchinga munthu amene ali ndi mpira ayenera kuima masentimita 90 kuchokera pa phazi lake loterera asanakweze manja. Wolakwira malamulo awiriwa amaimikidwa pambali pa woponya, osachita chilichonse mpaka mpira utachoka mʼmanja, ndipo zikachitikira mʼkachigawo ka golo, GS kapena GA amaloledwa kuponya mʼgolo iye akungoyangʼana. Ngakhale zili choncho, manja amakhala ali mʼmwamba pafupi ndi nkhope za anzawo nthawi yonse. Nʼchifukwa chake oyimbira amaika osewera pamzere masewero asanayambe nʼkuyendera zikhadabo. Ziyenera kukhala zazifupi ndi zosalala. Ndolo, mphete, zibangili ndi mikanda yamʼkhosi zimavulidwa, chifukwa chala cha mnzake chikakola ndolo khutu limangʼambika. Mayi amene akufuna kuboola mwana wake makutu adikire tchuthi, ndipo tsitsi lalitali limangidwe kumbuyo popanda zomangira zachitsulo kapena mikanda yolendewera.

Zovala zina nʼzosavuta: malaya opepuka, siketi kapena kabudula, ndi kabudula wothina wamʼkati kuti mwana adumphe momasuka. Kochi wachikondi amawonjezera mzere wina wolunjika kwa amayi ndi azakhali, wonena za kamisolo wogwira bwino kwa atsikana omwe ayamba kukula, komanso zodzitetezera pa nthawi ya kumwezi. Atsikana ena amasiya masewero pa msinkhu umenewu osanena chifukwa, pomwe vuto linali manyazi basi. Botolo la madzi lisaiwalike, poti masewero athunthu amakhala ndi ndime zinayi za mphindi 15, ngakhale kuti a ana amafupikitsidwa. Mwana adyeko kanthu, kaya mbatata kaya nthochi, ola limodzi kapena awiri asanayambe kukonzekera masewero akaweruka.

Kumunsi kwenikweni kwa kalata kumakhala kachidutswa koti kholo lidule, lisayine ndi kubweza. Pamenepo pamafunika nambala ya foni yomwe imagwiradi, ndi matenda aliwonse omwe mwana ali nawo, monga mphumu kapena khunyu, kuti kochi adziwe chochita. Mwana akabwera kunyumba akutsimphina, kakolo atatupa, asamuthowe ndi madzi otentha kapena kumusisita mʼmasiku awiri oyambirira, chifukwa kutentha kumawonjezera kutupa. Apume, aike nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, mwendo autsamiritse pamwamba. Ngati akulephera kupondera phazilo nʼkuyenda masitepe anayi, kapena akumva kuwawa kwambiri akakhudzidwa pafupa penipeni, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kochi auzidwe zomwe adokotala anena mwanayo asanabwerere pabwalo.